Kumasulira Chidziwitso cha Boma m'Chichewa Chomveka: Mafunso ndi Mayankho

Malamulo a dziko la Malawi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo zidziwitso zambiri za maunduna, makhonsolo ndi mabungwe a boma zimayamba m'Chingerezi zisanafike pa wailesi, m'nyuzipepala kapena pa khoma la ofesi ya DC. Wina amayenera kuzimasulira, nthawi zambiri mofulumira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene womasulira amakumana nawo akakhala pansi ndi pepala lotere. Titsata chitsanzo chimodzi: chidziwitso choletsa mapulasitiki opyapyala. Malamulo oletsa mapulasitiki osakwana mamaikiloni 60 adakhazikitsidwa mu 2015, makampani ena adawatsutsa kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula mokomera boma.

Kodi kumasulira liwu ndi liwu si ndiko kukhulupirika, makamaka pa nkhani ya lamulo?

Ayi. Womasulira ayenera kukhulupirika ku zimene chidziwitso chikulamula, osati ku ndondomeko ya mawu a Chingerezi. Chidziwitso cha boma chimalembedwa kuti munthu achite kanthu kapena aleke kanthu: alipire, alembetse, asamuke, asiye kugulitsa. Ngati mayi wogulitsa tomato pamsika wa Limbe wamva chidziwitso chonse koma sakudziwa ngati majumbo ali pabenchi pakewo ndi oletsedwa, kumasulirako kwalephera, ngakhale liwu lililonse la Chingerezi litapeza mnzake wa Chichewa.

Pali zinthu zimene simungazisinthe: amene akulamula, amene akulamulidwa, chochita, nambala, tsiku ndi chilango. Zina zonse zili m'manja mwanu, monga kutalika kwa ziganizo, mawu oyamba ndi mawu otsiriza.

Ndiyambire pati ndikalandira pepalalo?

Musayambe ndi kulemba. Werengani chidziwitso chonse mpaka pa siginecha, kenako yankhani mafunso asanu m'Chichewa papepala lina. Akulankhula ndani? Akuuza yani? Akufuna achite chiyani? Liti, ndiponso kuti? Wosamvera chimuchitikira n'chiyani?

Pa chitsanzo chathu mayankho ndi awa. Akulankhula ndi boma, kudzera ku ofesi yoona za chilengedwe. Likuuza opanga mapulasitiki, amalonda ndi ogula. Likufuna asiye kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala. Wosamvera apalamula mlandu. Mukamaliza, tembenuzani pepala la Chingerezi kuti musalione, ndipo lembani chidziwitsocho kuchokera pa mayankho anuwo ngati mukufotokozera anthu pamsonkhano wa mfumu. Pepala la Chingerezi mulitembenuzenso pamapeto, pofuna kuona ngati simunasiye kapena kuwonjezera kanthu. Maso akamayang'ana chiganizo cha Chingerezi, dzanja limatsata mapangidwe ake osadziwa.

Kusiyana kwake kumaoneka bwanji papepala?

Nachi chitsanzo chopangidwa motsata kalembedwe ka zidziwitso zotere. Choyamba, mmene chimatulukira munthu akatsata Chingerezi mzere ndi mzere:

"Chidziwitso chikuperekedwa pano kwa gulu lonse la anthu kuti, molingana ndi zoperekedwa za malamulo a 2015, kupangidwa, kuitanitsidwa, kugawidwa ndi kugwiritsidwa ntchito kwa mapulasitiki oonda a pansi pa mamaikiloni 60 kuli koletsedwa. Munthu aliyense wopezeka mu kuphwanya kwa zomwezo adzachita mlandu ndipo adzakhala woyenera, pa kupezeka wolakwa, ku chindapusa kapena kumangidwa kapena zonse. Gulu lonse likulangizidwa kutsogoleredwa moyenera."

Tsopano uthenga womwewo utaganizidwa m'Chichewa:

"Boma likudziwitsa anthu onse kuti n'zoletsedwa kupanga, kuitanitsa kuchokera kunja, kugulitsa, kupereka kwa ena kapena kugwiritsa ntchito majumbo ndi mapulasitiki ena opyapyala osakwana mamaikiloni 60. Chiletsochi chili m'malamulo a za mapulasitiki a chaka cha 2015. Aliyense wophwanya malamulowa akupalamula mlandu. Khoti likamupeza wolakwa likhoza kumulipiritsa chindapusa, kumutumiza kundende, kapena kumupatsa zilango zonse ziwiri."

Palibe mfundo ya lamulo imene yatayika. Chimene chachoka ndi chiganizo chotsiriza, cha kutsogoleredwa moyenera, chomwe m'Chingerezi ndi mwambo chabe wotsekera ndipo sichiuza munthu chochita. Ofesi ikafuna kuti chikhalepo, lembani kuti "Aliyense atsatire malamulowa."

N'chiyani kwenikweni chikuumitsa chitsanzo choyambacho?

Zinthu ziwiri. Choyamba, mulibe anthu. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kubisa wochita: chidziwitso chikuperekedwa, gulu likulangizidwa. Chichewa chili nawo mawu otere a "-idwa" ndi "-edwa", koma akachuluka womvera amayamba kufunsa kuti akupereka ndani, akulangiza ndani. Yang'anani pamutu pa kalata kapena pa siginecha, mupeze mwini uthenga, mumuike patsogolo: "Boma likudziwitsa", "Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ikukumbutsa", "Unduna wa Zaumoyo ukuchenjeza". Liwu lotsatira lisankheni mosamala, chifukwa kudziwitsa, kukumbutsa, kupempha, kuchenjeza ndi kulamula zimalemera mosiyana.

Chachiwiri, zochita zasandutsidwa maina. Mukaona mwalemba "kugwiritsidwa ntchito kwa" kapena "mu kuphwanya kwa", dziwani kuti Chingerezi chikadali pansi pa chiganizocho. Chichewa chimayenda ndi aneni. Sitinena kuti "kulephera kwa kulipira kudzatsogolera ku kutsekedwa kwa sitolo", timanena kuti "mukapanda kulipira tidzakutsekerani sitolo", kapena mwaulemu wa ofesi, "amene salipira adzamutsekera sitolo". Kaliwu ka "-ka-" ka mu "likamupeza" ndi "mukapanda" kamagwira ntchito imene Chingerezi chimaipatsa mawu anayi kapena asanu.

Taonaninso kuti choletsedwacho chabwera msanga. M'chitsanzo chouma, womvera amadikira mpaka kumapeto kwa chiganizo chachitali kuti amve liwu loti "koletsedwa". Pa wailesi, amene wasokonezedwa pang'ono amangomva mndandanda wa zinthu osadziwa ngati boma likuzilola kapena likuziletsa.

Ndigwiritse ntchito "inu" kapena ndizinena za "anthu"?

Yambani ndi dzina la ofesi ndi gulu lomwe ikuuza, ndipo pa malangizo gwiritsani ntchito "inu". Mwachitsanzo: "Khonsolo ikudziwitsa eni masitolo onse kuti... Pobwera ku ofesi, tengani chiphaso chanu cha unzika." Ulemu wa Chichewa uli mu "inu" ameneyu, ndipo ndi wokwanira. "Iwe" alibe malo m'chidziwitso cha boma.

Pa chilango bwererani kwa "aliyense". Kunena kuti "mudzapita kundende" kumamveka ngati boma laweruza kale wowerenga aliyense, pomwe "aliyense wophwanya malamulowa" amaloza wolakwa yekha. Komanso musachulukitse ulemu mpaka lamulo lisanduke pempho. Chingerezi chikati munthu akufunika kuchita chinthu mwalamulo, inu n'kulemba kuti "mukupemphedwa", mwamuuza kuti akhoza kukana.

Mawu olamula ndi olola ndiwamasulire bwanji?

Apa ndiye pogona mlandu, ndipo pali misampha itatu. Woyamba ndi liwu la Chingerezi cha malamulo lomwe limaoneka ngati likunena za m'tsogolo koma likulamula. Womasulira wothamanga amaika "-dza-": "Mwini sitolo adzasunga malisiti." Mchewa akamva zimenezi amaganiza kuti mukulosera. Cholondola ndi "Mwini sitolo ayenera kusunga malisiti" kapena "azisunga malisiti" ngati ndi chinthu chochita nthawi zonse.

Msampha wachiwiri ndi "sayenera". Chiganizo choti "ogula sayenera kubweretsa majumbo" wina achimva kuti n'zoletsedwa, wina achimva kuti si zofunika. Chotsani chikaikocho. Ngati n'choletsa, lembani "saloledwa" kapena "asabweretse". Ngati munthu ali ndi ufulu wosankha, lembani "sakukakamizidwa".

Wachitatu ndi "angathe", lomwe limanena luso, chilolezo kapena zongotheka. "Woyendera masitolo angathe kulowa m'fakitale" silikumveka bwino. Ngati lamulo likumupatsa mphamvu, nenani choncho: "ali ndi mphamvu zolowa m'fakitale". Ngati ndi chilolezo kwa nzika, "mukuloledwa" kapena "muli ndi ufulu".

Nanga mawu aukadaulo ngati maikiloni, omwe anthu ambiri sanawamvepo?

Asungeni m'kalembedwe ka Chichewa, ndipo nambala isasinthe. Maikiloni ndi muyeso wa kukhuthala: mamaikiloni 1,000 amapanga milimita imodzi, choncho 60 ndi mamilimita 0.06. Pepala wamba losindikizira mu ofesi limakhala pafupifupi mamaikiloni 100. Simungachotse muyesowu n'kungolemba kuti "mapulasitiki opyapyala", chifukwa wopanga mapulasitiki ndi khoti amayang'ana nambalayo. Simungasiyenso nambala yokha, chifukwa wogula alibe choyezera. N'chifukwa chake chitsanzo chathu chili ndi zonse ziwiri, liwu loti "opyapyala" la munthu wamba ndi nambala ya katswiri.

Samalani ndi liwu loyandikana ndi nambalayo. "Osakwana 60" ndiye kuti pulasitiki ya mamaikiloni 60 enieni ndi yololedwa. "Osapitirira 60" ndiye kuti ya 60 nayonso yaletsedwa. Kusiyana kwake ndi liwu limodzi, koma kwa fakitale imene idatchera makina ake pa 60, ndi kusiyana kwa kutsegula ndi kutseka.

"Oonda" m'chitsanzo chouma achokera m'dikishonale. Amaonda ndi munthu kapena mbuzi. Pepala, nsalu ndi pulasitiki zimapyapyala. Ndipo thumba la pulasitiki lonyamulira zogula anthu amalitcha jumbo. Liwu limeneli likapanda kupezeka m'chidziwitso, ambiri saganiza kuti nkhaniyo ikuwakhudza. Koma "majumbo" okha sakwanira, chifukwa lamulo likunena za mapulasitiki, osati matumba okha. Ndiye timalemba "majumbo ndi mapulasitiki ena opyapyala".

Chingerezi chandandalika zochita zinayi. Bwanji Chichewa chili ndi zisanu?

Chifukwa liwu limodzi la Chingerezi nthawi zina limafuna awiri kuti tanthauzo lake likwane. Liwu lonena za kufalitsa katundu kwa amalonda ndi ogula ambiri amalimasulira kuti "kugawa". Koma m'makutu a Mchewa, kugawa ndi kupereka mwaulere, monga boma limagawira chimanga nthawi ya njala. Wopikulitsa majumbo kwa mavenda anganene moona mtima kuti iye sagawa, amagulitsa. Mukalemba "kugulitsa" kokha, mwasiya wa golosale amene amaikira kasitomala shuga m'jumbo osamulipiritsa. Mawu awiriwo pamodzi, "kugulitsa, kupereka kwa ena", akugwira onse.

Lamulo lake ndi ili: mungawonjezere mawu kuti tanthauzo likwane, koma osawonjezera kapena kuchotsa choletsedwa. Mndandanda wa m'lamulo suli ngati mawu okometsera. Chinthu chilichonse chili ndi munthu wake, ndipo mukachotsa "kuitanitsa kuchokera kunja" poganiza kuti chiganizo chatalika, mwamasula amalonda onse odutsa pa chipata cha Mwanza kapena cha Songwe. Chimodzimodzinso ndi mawu opatula, monga "kupatula" ndi "pokhapokha": chidziwitso chikatchula mapulasitiki ena omwe sakukhudzidwa, ndime imeneyo imasuliridwe yonse m'chiganizo chakechake.

Pa chilango, cholakwika chofala n'chiti?

Kusokoneza kumangidwa ndi kukhala kundende. Apolisi amamanga munthu pomuganizira mlandu. Khoti ndilo limamutumiza kundende likamupeza wolakwa. Chidziwitso chikanena za chilango cha ndende inu n'kulemba kuti "adzamangidwa", mwachotsa khoti m'nkhaniyo. Mawu oti "khoti likamupeza wolakwa" asasowe.

Chachiwiri, malamulo ambiri amatchula chilango chachikulu chimene khoti lingapereke, osati chimene aliyense adzalandire. Choncho lembani "chindapusa chosapitirira" ndalama zakutizakuti, kapena "kukhala kundende kwa nthawi yosapitirira" miyezi yakutiyakuti. Ndalamazo zilembeni m'manambala monga zilili, chizindikiro cha K patsogolo. Powerenga pa wailesi anthu amazimva bwino mmene amazitchulira pamsika, kusiyana ndi kuyesa kuzitambasula m'makumi ndi mazana. Pomaliza, siyanitsani "ndi" ndi "kapena". Chindapusa ndi ndende ndi zilango ziwiri pamodzi; chindapusa kapena ndende ndi chimodzi mwa ziwirizo. "Kapena zonse" pakokha sipamveka, malizitsani kuti "zilango zonse ziwiri".

Masiku ndi nthawi zili ndi vuto lanji? Si manambala chabe?

Manambala savuta, chovuta ndi mawu oazungulira. Tiyerekeze kuti chidziwitso chikupatsa eni masitolo mpaka pa 30 Juni kuti achotse katundu woletsedwa, ndipo tsikulo likuwerengedwa. Mukalemba kuti "tsiku la 30 Juni lisanafike", mwawalanda tsiku limodzi. "Pofika pa 30 Juni" ena amalimva mwina, ena mwina. Chomveka kwa aliyense ndi "Tsiku lomaliza ndi 30 Juni", ndipo ngati pali ola lotsekera ofesi, litchuleni ndi nthawi yake, m'mawa kapena masana.

Onaninso kusiyana kwa "pasanathe masiku 14" ndi "pakatha masiku 14". Choyamba chikuti chitani m'kati mwa nthawiyo, chachiwiri chikuti dikirani nthawiyo idutse. Tchulani pomwe kuwerengako kukuyambira: "kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi". Chingerezi chikanena masiku 14 ogwira ntchito, musafupikitse kuti masabata awiri, chifukwa mukachotsa Loweruka ndi Lamulungu masiku amenewo amatsala pang'ono kukwana masabata atatu. Ndipo m'chidziwitso chomwe chiulutsidwe kangapo musalembemo "mawa" kapena "sabata yamawa". Lembani tsiku ndi deti.

Maina a malamulo, maofesi ndi mafomu ndiwamasulire?

Fotokozani m'Chichewa chimene chinthucho chili, koma dzina limene munthu akalifune likhale monga lalembedwera pachikwangwani kapena pafomu. Anthu amadziwa MRA, MEC ndi NRB ndi zilembo zimenezi, choncho lembani "bungwe lotolera misonkho la MRA" kapena "bungwe loyendetsa zisankho la MEC". Mukapeka dzina latsopano la Chichewa, munthu adzafika pawindo n'kufunsa fomu imene kalaliki sanaimvepo. Nambala ya fomu, nambala ya gawo la lamulo ndi chaka chake zikopereni ndendende.

Mukasankha liwu limodzi, khalani nalo mpaka kumapeto. M'nkhani ya m'magazini kusinthasintha mawu kumakometsa, koma m'chidziwitso wowerenga akaona "chilolezo" pamwamba, "laisensi" pakati ndi "chiphaso" pansi, amaganiza kuti akufunika mapepala atatu. Pa kalembedwe ndi matanthauzo, thandizo lilipo: likulu loona za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba, lomwe lidalowa m'malo mwa Bodi ya Chichewa mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo nyuzipepala ya Boma Lathu imaonetsa mawu amene boma lakhala likugwiritsa ntchito polankhula ndi anthu.

Ndingaikemo mwambi kuti chikome?

Ayi. Chichewa chachibadwa si Chichewa chodzaza miyambi. Mwambi umasiya womvera kuti adzipezere tanthauzo, pomwe chidziwitso chiyenera kukhala ndi tanthauzo limodzi. Komanso chimawerengedwa ndi anthu a ku Karonga, Mangochi ndi Nsanje omwe kwawo amalankhula Chinkhonde, Chiyao kapena Chisena. Sankhani mawu odziwika paliponse, osati Chichewa chakuya cha kumudzi kwanu kapena chinenero cha achinyamata a m'tauni.

Nanga Chingerezi chenichenicho chikakhala chosamveka?

Funsani amene adachilemba, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Womasulira ndiye amayamba kuona mabowo a chidziwitso, chifukwa Chichewa chimamukakamiza kutchula wochita ndi nthawi pomwe Chingerezi chidangodutsa. Ngati sichikunena kuti katundu wolandidwa apita kuti, kapena ngati deti silikugwirizana ndi tsiku lake pakalendala, si udindo wanu kulota. Mafotokozedwe owonjezera, monga kufanizira maikiloni ndi pepala, alowe pokhapokha ofesiyo yavomereza, chifukwa chilichonse chili pansi pa chidindo cha boma anthu amachitenga ngati mawu a boma.

Ndingadziwe bwanji kuti ndamasulira bwino?

Yesani m'njira zitatu. Choyamba, werengani mokweza. Pomwe mpweya wakutherani, dulani chiganizo. Pomwe lilime lapunthwa, pali Chingerezi chobisala. Chachiwiri, werengerani munthu amene sanaone Chingerezicho, monga mlonda wa pa ofesi kapena wogulitsa pamsika, kamodzi kokha. Musamufunse ngati wamva, chifukwa mwaulemu adzavomera. Mufunseni kuti, "Bambo, pamenepa boma likuti muchite chiyani? Pofika liti? Mukapanda kutero chichitike n'chiyani?" Mayankho ake akasiyana ndi mayankho asanu amene mudalemba poyamba, vuto lili papepala, osati m'mutu mwake.

Chachitatu, ikani mapepala awiriwo pambali ndi pambali, cholembera m'manja, n'kuchonga nambala iliyonse, deti lililonse, dzina lililonse, choletsedwa chilichonse ndi "kapena" aliyense. Ngati n'kotheka, wa zamalamulo wa ofesiyo amene amadziwa Chichewa aone ndime ya chilango isanapite kosindikiza. Chidziwitso chimene sichinapambane mayeso atatuwa chisatumizidwe ku wailesi kapena kukhomedwa pakhoma, ngakhale bwana akufulumiza.